Mawu kapena zithunzi: zikwangwani ziwiri za kusamba m'manja kukhitchini

M'makhitchini a malesitilanti, a sukulu zogonera komweko ndi a malo ogona alendo mumapezeka zikwangwani za ukhondo za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi pepala lodzaza mawu, lokhala ndi mutu wa zilembo zikuluzikulu ndi mndandanda wa malamulo pansi pake. Mtundu wachiwiri ndi wa zithunzi: manja awiri ali pansi pa madzi, manja ali ndi thovu, manja akuuma, ndipo mawu ndi ochepa kapena palibe. Zonse ziwiri cholinga chake ndi chimodzi, chakuti munthu amene wangodula kumene nkhuku yaiwisi asagwire kabichi wa saladi asanasambe m'manja ndi sopo. Koma chilichonse chimagwira ntchitoyi m'njira yake, chimalephera m'njira yakenso, ndipo mwini khitchini amene sakudziwa kusiyana kwake amamata chikwangwani chabwino pamalo olakwika.

Kuti kuyerekezaku kukhale ndi pogwira, tiyeni titenge khitchini imodzi ya lesitilanti yaing'ono ya m'tauni. Muli antchito asanu: ophika awiri, mayi wosenda ndi kudula ndiwo, mnyamata wotsuka mbale ndi mtsikana woperekera chakudya amenenso amalandira ndalama. Madzi a kumpope amabwera modukizadukiza, choncho osambira m'manja amakhala m'ndowa yovundikira yokhala ndi kampope m'munsi. Ndowayo ili pa sitandi pafupi ndi khomo lakuseri, pansi pake pali beseni lolandira madzi akuda, ndipo chimbudzi chili panja. Mwa antchito asanuwa, ena amawerenga bwino Chichewa ndi Chingerezi chomwe, wina amawerenga movutikira, ndipo wina anakulira m'banja lolankhula Chiyao kotero kuti Chichewa cholembedwa amachimva pang'onopang'ono.

Chikwangwani cha mawu

Zikwangwani zambiri za mawu zimalembedwa motere: "Wogwira ntchito aliyense aonetsetse kuti akusamba m'manja pafupipafupi ndiponso mokwanira. Nkoletsedwa kugwira chakudya ndi manja akuda. Wophwanya malamulowa adzalandira chilango." Palibe bodza m'mawu amenewa, koma wophika sangawagwiritse ntchito. Pafupipafupi ndi kangati? Kwa mayi wodula ndiwo, kusamba m'mawa, masana ndi madzulo ndi pafupipafupi ndithu. Mokwanira ndi pati? Mnyamata amene manja ake akhala m'madzi a mbale tsiku lonse amaona kuti anasamba kalekale. Nanga manja akuda ndi otani? Manja amene agwira nkhuku yaiwisi n'kupukutidwa pa epuloni amaoneka oyera, pamene a munthu amene wapakula makala amaoneka akuda bii, komabe oopsa ndi oyambawo. Chikwangwani choterechi chimamusiyira wantchito kuti aweruze ndi maso, pomwe tizilombo toyambitsa matenda sitioneka ndi maso.

Mawu amagwira ntchito akatchula nthawi yeniyeni. Chikwangwani chomwechi chikhoza kulembedwa chonchi:

SAMBANI M'MANJA NDI SOPO
Musanayambe ntchito.
Mukachoka kuchimbudzi.
Mukagwira nyama, nkhuku, nsomba kapena mazira aawisi.
Musanagwire chakudya chakupsa, buledi kapena saladi.
Mukamina, kutsokomola kapena kukanda m'mutu.
Mukagwira zinyalala, ndalama kapena foni.

Mzere uliwonse ukunena chinthu chimene wantchito amadziwa kuti wachita kapena sanachite. Palibe woti angatsutse kuti sanachoke kuchimbudzi pamene wachokako. Apa ndi pamene mawu amaposa zithunzi: amatha kunena kuti "musana-" ndi "muka-", ndiko kuti amaika zinthu m'nthawi yake. Wojambula akhoza kujambula chimbudzi ndi manja, koma kuti asonyeze kuti kusamba kubwere pambuyo pa chimbudzi ndiponso patsogolo pa saladi, amafunika mivi yambiri imene imasokoneza.

Mawu amathanso kupereka chifukwa, ndipo malamulo ena a kukhitchini satsatidwa ngati chifukwa chake sichinamveke. Chitsanzo ndi bala la pachala. Wophika amene wadzicheka dzana ndipo bala layamba mafinya amaganiza kuti poti chakudya chiphikidwa, moto upha chilichonse. Koma m'mabala a mafinya ndi m'mphuno mumakhala tizilombo tina timene tikagwera m'chakudya chofunda, chakudyacho n'kukhala maola angapo, timatulutsa poizoni amene satha ngakhale chakudyacho chitenthetsedwenso. Wodya amayamba kusanza patangopita maola ochepa. Chithunzi cha chala chomata pulasitala chimangoti "mata", pamene chiganizo chimodzi chakuti "Poizoni wochokera m'bala satha ndi moto" chimachotsa maganizo olakwika amene amamuchititsa munthu kunyalanyaza.

Chimodzimodzi lamulo la matenda a m'mimba. M'ntchito yokonza chakudya m'maiko ambiri, wotsegula m'mimba kapena wosanza sagwira chakudya mpaka patapita maola 48 chilekereni zizindikirozo, chifukwa thupi limapitiriza kutulutsa tizilombo ngakhale munthuyo akumva bwino. Lamulo limeneli lili ndi nthawi, lili ndi poyambira kuwerenga nthawiyo, ndipo lili ndi munthu woti auzidwe. Palibe chithunzi chingasenze zonsezi. Mawu amatha: "Ngati mukutsegula m'mimba kapena kusanza, auzeni akuluakulu musanalowe. Mudzabwerere patatha masiku awiri athunthu mutachira." Ndipo ngati mwini malo ali wanzeru, amaonjezapo mzere wonena za malipiro a masiku amenewo, pakuti wantchito woopa kudulidwa ndalama amabisa matenda n'kulowa m'khitchini.

Kufooka kwa mawu n'kodziwikanso. Amafuna munthu wodziwa kuwerenga, m'chilankhulo chimene alembedwamo, ndipo amafuna nthawi. Pa ola la nkhomaliro, mbale zikuitanidwa uku ndi uku, palibe amene amaima kuti awerenge mizere khumi ndi iwiri. Wosadziwa kuwerenga sanena kuti sadziwa. Amagwedeza mutu n'kupitirira. Komanso mawu amalephera kufotokoza kayendedwe ka manja. Yesani kulemba m'mene munthu angatsukire chala chachikulu: "Gwirani chala chachikulu cha dzanja lamanzere ndi chikhatho cha dzanja lamanja n'kuchipotokola uku ndi uku, kenako musinthe." Chiganizocho n'cholondola, koma wowerenga amafika kumapeto ataiwala poyambira.

Chikwangwani cha zithunzi

Chimene chiganizo chija chimavutika nacho, chithunzi chimodzi chimachionetsa pa kamphindi. Ichi ndicho chifukwa chake pamalo osambira penipeni zithunzi ndizo zoyenera. Mu khitchini yathu ija, chikwangwani chabwino chingakhale ndi mabokosi asanu ndi limodzi, atatu pamwamba ndi atatu pansi, lililonse lili ndi nambala yaikulu pakona ndi mawu awiri kapena atatu pansi pake.

Bokosi loyamba likuonetsa ndowa yokhala ndi kampope, yofanana ndi imene ili pomwepo, madzi akutsika m'mizere itatu yobiriwira ngati thambo, manja awiri ali pansi pake. Mawu: "Nyowetsani manja." Lachiwiri likuonetsa sopo wamtanda ali pakati pa zikhatho, thovu loyera likuonekera m'mbali. Mawu: "Pakani sopo." Lachitatu likuonetsa chikhatho chimodzi chili pamsana pa dzanja linalo, zala zitalowana m'mipata, ndi muvi wa mitu iwiri wosonyeza kupita ndi kubwera. Mawu: "Tikitani pakati pa zala." Lachinayi lagawidwa pakati: kumanzere dzanja lafumbata chala chachikulu ndipo muvi ukuzungulira, kumanja nsonga za zala zikukanda m'chikhatho. Mawu: "Chala chachikulu ndi zikhadabo." Lachisanu likubwereza ndowa ija, thovu likutsika ndi madzi kugwera m'beseni. Mawu: "Tsukuluzani pa madzi oyenda." Lachisanu ndi chimodzi likuonetsa manja ali m'mwamba, zala zitatambasuka, timadontho tikuuluka. Mawu: "Umitsani." Pakati pa mzere wapamwamba ndi wapansi pali chiganizo chimodzi cha zilembo zazikulu: "Tikitani mpaka muwerenge 20 pang'onopang'ono."

Bokosi lachitatu ndi lachinayi ndiwo mtima wa chikwangwanichi. Anthu ambiri akamasamba amatikita zikhatho zokha, ndipo malo amene amatsala kawirikawiri ndi chala chachikulu, nsonga za zala, pansi pa zikhadabo ndi mipata ya zala. Kukhitchini malo amenewa ndiwo ogwira ntchito kwambiri: nsonga za zala ndizo zimatsina mchere, kutola tomato wodula ndi kukonza chakudya pambale. Masekondi 20 akutikita ndi sopo ndiwo muyeso umene a zaumoyo amalangiza, ndipo ntchito yonse, kuyambira kunyowetsa mpaka kuumitsa, malinga ndi malangizo a Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse imatenga masekondi 40 mpaka 60. Bokosi lomaliza silokongoletsa chabe. Manja onyowa amatola ndi kusiya tizilombo mosavuta kuposa ouma, ndipo kansalu kamodzi kopachika pamsomali kamene aliyense amapukutira kamabwezera m'manja zimene sopo wachotsa. Kumene kuli mapepala opukutira otaya, bokosilo lionetse pepala ndi bini. Kumene kulibe, lionetse manja akuuma ndi mphepo.

Zithunzi zimafika kwa onse asanu nthawi imodzi, wowerenga ndi wosawerenga, wa Chichewa ndi wa Chiyao, ndipo palibe amene amachita nazo manyazi. Munthu akhoza kuziyang'ana manja ali m'thovu n'kumatsanzira. Koma amene amaganiza kuti chithunzi chimamveka chokha kwa aliyense amalakwitsa, pakuti nacho chili ndi chilankhulo chake chimene munthu amachita kuphunzira.

Choyamba, zizindikiro za padziko lonse sizidziwika kwa onse. M'dongosolo limene mafakitale ndi mahotela amatsata, bwalo lobiriwira ngati thambo lokhala ndi chithunzi choyera mkati limatanthauza "chitani ichi", pamene bwalo lofiira lokhala ndi mzere wopingasa limatanthauza "musachite". Amene anagwirapo ntchito m'malo otere amamva msanga. Koma mtsikana wongoyamba kumene akaona dzanja lovala mphete ndi chibangili lili m'bwalo lofiira, akhoza kungoona dzanja lokongola. Mzere wopingasawo nthawi zina umaphimba chinthu chenicheni chimene chikuletsedwa. N'chifukwa chake chithunzi choletsa chimafunika mawu pansi pake kuposa chithunzi cholamula: "Vulani mphete ndi wotchi."

Chachiwiri, chithunzi chikasiyana ndi zimene zili pamalopo, munthu amati si chake. Zikwangwani zambiri zosindikizidwa kunja zimaonetsa sinki yoyera, mpope wa madzi otentha, sopo wa m'botolo lofinya ndi makina oumitsa manja. Zikamatidwa pamwamba pa ndowa ndi sopo wamtanda, zimauza antchito kuti kusamba kwenikweni kumachitika kumahotela akuluakulu, kuno n'kongoyerekeza. Wojambula wa m'tauni momwemo, amene amalemba zikwangwani za masitolo, akajambula ndowa yomweyo ndi mtundu wake womwe, chithunzicho chimakhala cha eni ake. Kumene amagwiritsa ntchito mpondagiya, bokosi loyamba lionetse phazi likuponda kamtengo ndi kachigubu katapendekeka, chifukwa ubwino wa mpondagiya ndi womwewo, wakuti manja sagwira chilichonse.

Chachitatu, ojambula amakonda kujambula tizilombo ngati tinyama tobiriwira tokhala ndi maso ndi mano, titakhala pachikhatho. Ana asukulu amasangalala nato, koma munthu wamkulu amayang'ana dzanja lake, saonapo kanyama, n'kutsimikiza kuti n'loyera. Njira yabwinoko ndi kuonetsa ulendo wa litsiro ndi mtundu umodzi wokha: nkhuku yaiwisi pathabwa, madontho ofiira pankhukuyo, madontho omwewo pazala, kenako pa kabichi. Diso limatsata kufiirako popanda wolifotokozera.

Chachinayi, chithunzi sichinena kutalika kwa nthawi. Mabokosi asanu ndi limodzi munthu akhoza kuwatsanzira onse m'masekondi asanu. Kujambulapo wotchi sikuthandiza kwenikweni, chifukwa ena amaiona ngati ikunena ola loyambira ntchito. Nambala ndi chiganizo chachifupi ndi zomwe zimatha.

Pamene ziwirizi zikumana

Zikaikidwa pamodzi chonchi, zimaoneka kuti sizikulimbirana ntchito imodzi. Mawu amayankha mafunso akuti liti, chifukwa chiyani, ndipo nditani ndikadwala. Zithunzi zimayankha funso lakuti motani. Wantchito safunsa mafunso onsewa pamalo amodzi, ndiye malo omatapo ndi amene amasankha mtundu wa chikwangwani.

Mu khitchini yathu ija, chikwangwani cha zithunzi chipite pamwamba pa ndowa, molingana ndi maso a munthu woimirira, osati cham'mbali kapena kuseri kwa chitseko. Munthu amachiona ali pafupi, choncho pepala la A4 limakwanira, ngakhale la A3 limapatsa zithunzi mpata wabwino. Chikwangwani cha mawu, chonena za matenda, mabala, zikhadabo ndi chophimba kumutu, chipite pamene antchito amasinthira zovala ndi kusiya zikwama, chifukwa pamenepo munthu amakhala ndi mphindi yowerenga, ndipo lamulo la wodwala liyenera kumupeza asanalowe, osati ali kale pambaula. Kenako pamafunika tizikwangwani tiwiri tating'ono tosakaniza chithunzi chimodzi ndi chiganizo chimodzi. Kena kakhale kumbuyo kwa chitseko cha chimbudzi, mbali imene munthu amaiona potuluka: manja ndi sopo, ndi mawu akuti "Sambani musanalowe m'khitchini." Kena kakhale pakhoma la tebulo lodulirapo nyama: nkhuku, muvi, manja a thovu, muvi, kabichi. Aka kamaonedwa munthu ali patali pang'ono, ndiye zilembo zake zikhale zazitali masentimita awiri kapena atatu, zakuda pa pepala loyera.

Taonani m'mene zimagwirira ntchito pa nthawi ya nkhomaliro. Mayi wodula ndiwo wamaliza kuduladula nkhuku zinayi, ndipo wophika wamkulu akuitana kuti, "Mayi, saladi ija ichitike msanga, anthu akudikira." Chikwangwani cha mawu chili kuchipinda chosinthira, sachiona. Chimene chili patsogolo pake ndi kachithunzi ka nkhuku, manja ndi kabichi, ndipo ndiko kamamukumbutsa kuti pakati pa ntchito ziwirizi pali ulendo wa kundowa. Akafika pandowa, mabokosi aja amamukumbutsa chala chachikulu chimene chinalowa m'mimba mwa nkhuku pochotsa matumbo. Nkhukuyo idzaphikidwa mpaka mkati mwake mutenthe kufika madigiri 70 kapena kuposa, ndipo tizilombo take tidzafa. Kabichi sadzaona moto. Chifukwa chimenechi mayiyo anachiwerenga, kapena anawerengeredwa, tsiku limene anayamba ntchito. Zikwangwani zonse zitatu zagwira ntchito pa mbale imodzi ya saladi, chilichonse pa nthawi yake.

Pali mwambo umodzi umene mitundu yonse iwiri iyenera kuukhudza mosamala. Kwathu kuno ambiri tinakula tikusamba m'beseni limodzi tisanadye, akulu poyamba, ana pambuyo. Kukhitchini chizolowezi chimenechi chimabwera m'njira ina: madzi akavuta, wantchito amaviika manja m'beseni lotsukira mbale kapena m'madzi otsukira ndiwo n'kunena kuti wasamba. Madzi oima amasunga litsiro la aliyense amene waviikamo. Chithunzi chikhoza kuonetsa mbali ziwiri, uku manja ali m'beseni ndi chizindikiro chofiira, uku wina akuthirira mnzake madzi a m'jagi. Mawu aonjeze osanyoza mwambo wa munthu: "Madzi osambira aziyenda. Ngati kampope kauma, thiriranani ndi jagi." Pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 m'Malawi, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, uthenga wa sopo ndi madzi oyenda unamveka paliponse. Antchito ambiri akuukumbukira, ndipo chikwangwani chimangofunika kuugwirizanitsa ndi ndowa imene ili pamaso pawo.

Kalembedwe ndi kuyesa

Kaya n'chachitali kaya n'chachifupi, chikwangwani chikulankhula ndi anthu akuluakulu, ena oposa mwini malo pa msinkhu. Choncho chilankhule mwaulemu, "sambani", "vulani", "auzeni", monga m'mene munthu angalankhulire ndi bambo kapena mayi wa mnzake. Mawu oopseza ngati "chilango" amachititsa kuti anthu azisamba bwana akamaona basi. Mzere uliwonse unene chochita chimodzi ndipo uyambe ndi chochitacho. Kunena choti munthu achite kumamveka msanga kuposa kunena choti asachite: "Wengani zikhadabo" kuposa "Nkoletsedwa kukhala ndi zikhadabo zazitali". Ngati pakufunika zilankhulo ziwiri, chimene antchito amalankhula chikhale pamwamba ndi zilembo zazikulu, Chingerezi cha alendo ndi oyendera chikhale pansi.

Kuyesa chikwangwani n'kosavuta ndipo sikulira ndalama. Cha zithunzi chimayesedwa pophimba mawu onse ndi pepala, n'kupempha wantchito amene sanachionepo kuti anene chimene bokosi lililonse likumuuza, kenako achite pandowa. Funso lisakhale lakuti "Mwamva?", chifukwa yankho lake limakhala "Eya" nthawi zonse. Akaona bokosi lachinayi n'kunena kuti munthuyo akuthyola chala, kapena akaona lachisanu ndi chimodzi n'kunena kuti akutsanzika, wolakwa ndi chithunzi, ndipo chijambulidwenso. Cha mawu chimayesedwa pomuuza munthu kuti awerenge kamodzi, n'kumufunsa nkhani yeniyeni: "Mwatsegula m'mimba Lolemba usiku, Lachiwiri masana mwasiya. Mubwera liti kuntchito?" Akayankha kuti Lachitatu m'mawa, chiganizocho sichinamveke, pakuti maola 48 akutha Lachinayi masana.

Mitundu yonse iwiri ili ndi adani ofanana. Nthunzi ndi mafuta zimawononga pepala m'masabata ochepa, choncho likutidwe ndi pulasitiki yoti n'kupukuta, kapena chithunzicho chipentedwe pakhoma. Inki yofiira imafwifwa msanga padzuwa, ndipo chizindikiro choletsa chikafwifwa chimatsala chikuonetsa chinthu choletsedwacho ngati chololedwa. Diso nalo limazolowera: chikwangwani chimene chakhala pamalo amodzi miyezi yambiri sichionekanso. Kuchisintha mtundu kapena kuchijambulanso nthawi ndi nthawi kumachidzutsa, ndipo tsiku la 15 Okutobala, limene dziko lonse lapansi limakumbukira kusamba m'manja kuyambira mu 2008, ndi nthawi yabwino yochitira zimenezi. Kuchulukitsa nakonso kumapha uthenga. Khoma lokhala ndi mapepala asanu ndi atatu, kalendala ndi mitengo ya zakudya silikunena kanthu kwa aliyense.

Kuti mudziwe ngati zikwangwani zikugwira ntchito, musayang'ane pakhoma koma pandowa. Antchito asanu amene akusambadi pa nthawi zonse zija amatsitsa madzi a m'ndowa ya malita 20 moonekeratu tsiku lisanathe, ndipo beseni la pansi limafuna kukhuthula. Sopo amakhala wonyowa ndipo amachepa. Ndowa ikakhala yodzaza madzulo monga inalili m'mawa, sopo ali gwa ndi ming'alu, ndiye kuti anthu sakusamba, ngakhale chikwangwani chikongole bwanji. Pamenepo funso loyamba ndi lakuti ndowayo ili pati. Ikakhala kuseri kwa matumba a makala, kapena kuti munthu aifikire ayenera kudutsa ophika awiri ndi mafuta otentha a tchipisi, vuto si mawu kapena zithunzi.

Apa mitundu iwiriyi imafanana kotheratu: palibe chimene chingalamule zimene mwini malo sanapereke. Chikwangwani chonena za sopo pamene sopo watsekeredwa m'kabati kuopa kubedwa chimaphunzitsa antchito kuti zolembedwa pakhoma si zenizeni, ndipo akaphunzira zimenezo amanyozanso lamulo la bala ndi la matenda. Sopo wamtanda akhoza kubooledwa n'kumangiriridwa pachingwe. Wodzaza ndowa m'mawa ndi masana atchulidwe dzina pa ndandanda ya ntchito. Botolo la mankhwala opaka m'manja silingalowe m'malo mwa sopo kukhitchini, chifukwa siligwira bwino pa manja a mafuta kapena a magazi a nyama, ndipo tizilombo tina totsegula m'mimba sitifa nalo msanga.

Tikaziika pa sikelo, ngati khitchini ingakwanitse chikwangwani chimodzi chokha, ndingasankhe cha zithunzi chokhala ndi mawu ochepa, chomata pamwamba pa ndowa, ndipo m'munsi mwake ndingaonjezemo mizere itatu ya nthawi zofunika koposa: pochoka kuchimbudzi, pambuyo pa nyama yaiwisi, ndi musanagwire chakudya chakupsa. Ndingatero chifukwa chimafika kwa antchito onse ndipo chili pamalo pamene ntchitoyo ikuchitikira. Koma kusankha kumeneku kuli ndi mtengo wake. Malamulo a bala, a matenda ndi zifukwa zake zimatsala opanda polembedwa, ndiye wophika wamkulu ayenera kuzinena ndi pakamwa kwa wantchito aliyense watsopano tsiku loyamba, ndi kuzibwereza wina akadzicheka kapena akadwala. Khitchini imene antchito amasinthasintha, kapena imene mwini wake sakhalapo kawirikawiri, singadalire pakamwa pokha, ndipo imafunika chikwangwani cha mawu chija pamalo osinthira zovala.